Akakana kupita kumaliro chifukwa cha jimu, nkhani yathupi labwino yatha

Ine sindili m'gulu la anthu amene amati kunyamula zitsulo chifukwa chofuna kuoneka bwino ndi tchimo. Tiyeni tinene zoona, anyamata ambiri amene mumawaona akulowa m'majimu a m'tauni muno mu Harare, kaya amene amanyamula zitini za simenti kuseli kwa nyumba ku Mbare ndi ku Mufakose, palibe amene anayamba chifukwa adokotala anamuuza za mtima. Anayamba chifukwa shati imalendewera m'mapewa, kapena mtsikana wina anamuseka kuti ndi kafupa, ndipo ine ndimati palibe vuto, chifukwa mtima ndi mafupa zimapindulabe olo cholinga chako chikhale chithunzi cha pa Instagram. Chimene ndikufuna tikambirane ndi malo amene zinthu zimakhotera, chifukwa malowo alipo ndipo amaoneka, koma ife a pabanja timawaphonya popeza munthu wake amaoneka wathanzi kuposa tonse m'nyumbamo. Chidakwa timachizindikira msanga. Mnyamata wadzitho amene sasuta, samwa mowa, amadzuka m'mamawa kupita kujimu, timamuombera m'manja mpaka zinthu zitafika poipa.

Kuti thupi likhale labwino sipafunika zambiri ayi. Malangizo a bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO amene anatuluka mu 2020 amati munthu wamkulu azichita masewera olimbitsa thupi apakatikati, monga kuyenda ndawala, kwa mphindi 150 mpaka 300 pa sabata, kuphatikizapo masiku awiri kapena kuposerapo olimbitsa minofu. Basi. Munthu wopita kujimu katatu pa sabata n'kumayendako wapansi m'malo mokwera kombi paliponse wakwanitsa kale zimenezo. Zimene ukuwonjezera pamwamba pake ukuwonjezera chifukwa chokonda masewerawo kapena chifukwa cha galasi, ndipo sikulakwa, bola uzidziwa wekha kuti ukuchitira chiyani, usamanamize mayi ako kuti maola atatu tsiku lililonse ndi nkhani ya thanzi.

Pali mnyamata wina wa kwathu kuno, makolo ake ndi ochokera ku Dedza koma iye anabadwira konkuno, ndimamudziwa kuyambira ali wamng'ono ndipo dzina sinditchula. Anayamba jimu ali ndi zaka 21, akulemera makilo 62, wamtali wowonda. Chaka choyamba zinamuyendera bwino kwambiri moti anafika pa makilo 70, mapewa anatambasuka, amayi kutchalitchi ankati koma mwanayu wakula bwino. Apa palibe chodabwitsa. Munthu amene sananyamulepo zitsulo thupi lake limayankha msanga, ndipo mwamuna wachinyamata amene akudya ndi kugona mokwanira atha kuwonjezera minofu yokwana theka la kilo, mwina kufika kilo imodzi pa mwezi m'chaka choyambacho. Chimene anzake a kujimu sanamuuze n'chakuti liwiro limeneli silikhalitsa. Chaka chachiwiri limatsika pafupifupi ndi theka, chachitatu limatsikanso, ndipo pakapita zaka zinayi zisanu ukhoza kuvutika chaka chathunthu n'kungopeza kilo imodzi. Thupi lililonse lili ndi denga lake, ndipo dengalo unabadwa nalo.

Nde apa ndi pamene anthu amagawikana. Wina akaona kuti sikelo yaima amati chabwino, ndafika, ndizingosunga zimene ndili nazo, n'kumapitiriza moyo wake. Wina amaganiza kuti pali chimene akulakwitsa. Mnyamata wathuyu anali wa gulu lachiwirili. Anawonjezera masiku kuchoka pa anayi kufika pa sikisi, kenako sabata yonse, kenako kawiri pa tsiku, chifuwa lero chifuwa mawa, osadziwa kuti mnofu sukula nthawi imene ukunyamula, umakula ukamapuma ndi kugona, ndipo mnofu umene wauthyola kwambiri lero umafuna masiku awiri usanaubwererenso. Phewa linayamba kuwawa, iye n'kumamwa mapilitsi opha ululu asanalowe mujimu kuti asalimve. Ichi ndi chizindikiro choyamba chimene ine ndimachitenga mwamphamvu: munthu wofuna thanzi akavulala amapuma, koma amene wagwidwa amafunafuna njira yoti apitirize atavulala chomwecho.

Chakudya nachonso chinasintha. Anasiya kudya nsima ndi anzake pa mbale imodzi, n'kumayenda ndi kabokosi kake ka mpunga ndi chifuwa cha nkhuku chowiritsa chopanda mafuta, kasikelo kakang'ono kakukhitchini pambali, chilichonse kuyeza. Mazira teni pa tsiku, ndi chigubu cha ufa wa puloteni chimene chinkadya gawo lalikulu la malipiro ake. Koma kafukufuku amene alipo akuonetsa kuti phindu la puloteni pomanga minofu limayamba kuima pafupifupi pa magalamu 1.6 pa kilo iliyonse ya thupi pa tsiku. Kwa munthu wa makilo 70 amenewo ndi magalamu 112, ndipo dzira limodzi lili ndi magalamu pafupifupi sikisi, matemba ouma oposa theka la kulemera kwake ndi puloteni, nyama ya soya youma nayonso pafupifupi theka, kuwonjezera nyemba, mtedza ndi chambiko, munthu ukhoza kufikapo ndi zogula pa Mbare Musika osagula chigubu chilichonse. Ndinamuuzapo zimenezi ndipo anavomera kuti masamu ake ndi oona, koma mawa lake kabokosi kanali m'manja. Apa ndinaona kuti nkhani sinalinso ya puloteni, inali ya mantha oti akaphonya chakudya chimodzi thupi liphwa.

Chimene chinadzidzimutsa banja lonse chinali maliro. Agogo ake aakazi anamwalira kumudzi, ndipo mukudziwa mmene timachitira kuno, timasonkha, ena amakwera basi pa Roadport kudutsa pa Nyamapanda, Tete, n'kukalowa ku Malawi, sabata imodzi wabwerako. Tikiti anamugulira. Iye anakana, akuti kuntchito samulola, koma mchemwali wake atamupanikiza anaulula kuti sangathe kukhala sabata yonse opanda jimu, kumudziko akadya chiyani, nsima ndi nyemba basi, akabwerako atatha. Agogo amene anamulera patchuthi chilichonse. Bambo ake anangoti, "Iwe, zitsulozo zidzakuika m'manda ndi zomwezo?" Mnyamata sanayankhe, koma kumaliroko sanapite.

Ndipo chomvetsa chisoni n'chakuti mantha akewo analibe maziko. Sabata imodzi kapena ziwiri osanyamula sizichotsa minofu. Umaoneka ngati waphwa pang'ono chifukwa madzi ndi shuga zimene minofu imasunga zatsika, ndipo zimabwerera m'masiku ochepa ukayambiranso. Kutha kwenikweni kwa minofu kumayamba kuoneka pakapita masabata atatu kapena kuposerapo, ndipo olo apo imabwerera msanga kuposa mmene unaipezera poyamba. Ambiri amene atopa kwambiri amabwera ndi mphamvu zochuluka akapuma sabata.

Vutoli madokotala amalidziwa. Dokotala wa matenda a maganizo wa ku Harvard, Harrison Pope, ndi anzake analilemba mu 1993 ataona anyamata onyamula zitsulo amene anali akuluakulu koma akudziona ang'onoang'ono, ndipo kuyambira 2013 lili m'buku la madokotala a maganizo a ku America ngati mtundu wa matenda odana ndi maonekedwe a thupi lako. Kujimu ena amalitchula kuti bigorekisiya. Chizindikiro chake chimodzi chimasokoneza anthu: timaganiza kuti munthu wotere azivula shati paliponse, koma ambiri amabisa thupi. Mnyamata wathuyu mu Okutobala, dzuwa la Harare likuswa mtengo, ankavala juzi yaikulu ya chipewa, akuti manja ake ndi aang'ono anthu amuseka, pamene mkono wake unali waukulu kuposa wa aliyense pamsewu wawo. Ukamuuza kuti aise wakula, ankaganiza kuti ukumunyoza. Galasi ankaliyang'ana kambirimbiri pa tsiku ndipo palibe tsiku limene linamusangalatsa.

Alipo amene anditsutse apa, ndipo ndawamva. Amati wothamanga mpikisano nayenso amayeza chakudya, amadzuka usiku, amakana mapate, bwanji iyeyo mumati ndi wodzipereka koma wa jimu mukuti wadwala? Funso labwino. Kusiyana kwake ine ndikuona kuti wothamanga ali ndi tsiku la mpikisano ndi wotchi imene imamuuza kuti wakwanitsa kapena ayi, ndipo mpikisano ukatha amapuma, amadya kanyenya ndi anzake osadziimba mlandu. Wa galasi alibe mzere womalizira, akafika makilo 75 amafuna 80, akafika 80 amati mimba yatuluka. Ndiye osawerenga maola amene munthu amakhala mujimu, alipo amene amapita kasanu pa sabata ali bwinobwino. Muoneni tsiku limene walephera kupita. Ngati angodandaula pang'ono n'kupitiriza zina, palibe nkhani. Ngati akwiya, asowa tulo, akana kudya, kapena ayamba kuchita mapushapu pakati pa usiku kuti alipire, pamenepo pali vuto. Ena amatinso bola jimu kusiyana ndi mankhwala ozunguza bongo amene akuwononga anyamata m'makomboni athu muno, ndipo ndikuvomera, bola jimu ndithu, koma mawu amenewa ndi amene amatitseka pakamwa tikaona kuti jimuyo yafika pa jakisoni.

Chifukwa kumeneko ndi kumene msewuwu umathera kawirikawiri. Munthu wafika padenga la thupi lake, akudziona wamng'ono, pafoni akuona anyamata a msinkhu wake okhala ndi matupi amene sangatheke popanda mankhwala koma akulumbira kuti ndi nkhuku ndi mpunga basi, ndiye pamabwera m'bale wina wa mujimu momwemo n'kumunong'oneza kuti, "Mphwanga, ukuvutikiranji, pali kanthu." Kanthuko ndi masiteroyidi, mankhwala okulitsa minofu, monga mapilitsi a dayanabo kapena jakisoni wa mahomoni achimuna otchedwa tesitositeroni. Ndipo tisanamizane kuti sagwira ntchito, amagwira, n'chifukwa chake ndi oopsa. Kafukufuku wina wotchuka wa mu 1996 anapatsa amuna mamiligalamu 600 a tesitositeroni pa sabata kwa masabata khumi. Amene ankabaya ndi kunyamula anawonjezera makilo pafupifupi sikisi a thupi lopanda mafuta, amene ankanyamula opanda mankhwala anapeza pafupifupi makilo awiri, ndipo amene ankangobaya osanyamula kanthu anapeza makilo atatu, kuposa amene ankatuluka thukuta. Mnyamata amene wakhala chaka chathunthu sikelo osasuntha ukamuonetsa zimenezi, ulaliki wako woti khama limapindula saumvanso.

Nde tiyeni tikambe za mtengo wake, poti wogulitsa sanena. Thupi la mwamuna limapanga lokha tesitositeroni wokwana mamiligalamu pafupifupi 5 mpaka 7 pa tsiku, kutanthauza osaposa 50 pa sabata. Mlingo umene amayambira m'majimu nthawi zambiri ndi 500 pa sabata. Ubongo ukaona kuti m'magazi mwadzaza umasiya kutumiza uthenga kumachende, pepani mawuwo koma ndi dzina lake, woti apange tesitositeroni ndi umuna. Ndiye amafota, ndipo mbewu ya abambo imatsika kwambiri mwina kutheratu. Izi si zoopseza ana: WHO inayesapo jakisoni wa tesitositeroni ngati njira yakulera ya abambo, zotsatira zinatuluka mu 1990, ndipo pa mlingo wa mamiligalamu 200 okha pa sabata amuna pafupifupi awiri mwa atatu alionse mbewu inatheratu pasanathe miyezi isanu ndi umodzi. Ndiye mnyamata akubaya kuwirikiza kawiri ndi theka mlingo wa kulera, uku akukonzekera ukwati, uku azakhali akudikira mdzukulu, ndipo mwana akachedwa kubwera tonse tikudziwa amene adzalozedwe chala, ndi mkazi.

Zina zimaoneka ndi maso ngati ukudziwa poyang'ana. Mnyamata wathuyu m'miyezi itatu anadumpha kuchoka pa makilo 73 kufika pa 82, atakhala chaka chonse osasuntha, ndipo kudumpha kotere kwa munthu amene wanyamula kale zaka zingapo sikuchitika ndi mazira. Msana ndi mapewa zinadzaza ziphuphu zikuluzikulu, nkhope inatupa ndi madzi, ankapsa mtima ndi zinthu zazing'ono. Kenako nsonga za mabere zinayamba kuwawa ndi kutupa, chifukwa tesitositeroni akachuluka thupi limasandutsa wina kukhala mahomoni achikazi, ndipo kachotupa kameneko kakakhwima sikachoka ndi masewera, kamafuna opaleshoni. Zosaoneka ndiye zoopsa kwambiri: bipi imakwera, mafuta abwino a m'magazi amatsika, magazi amalimba, mnofu wa mtima umakhuthala n'kuyamba kupopa movutikira, ndipo mapilitsi aja amapweteka chiwindi. Ku Denmark anatsatira amuna oposa 500 amene anagwidwa ndi masiteroyidi m'majimu, ndipo lipoti la mu 2019 linapeza kuti imfa pakati pawo zinali zochuluka katatu poyerekeza ndi anzawo a msinkhu womwewo. Onjezerani kuti kabotolo kogula m'chikwama cha munthu palibe amene anakayeza, chimene chalembedwa kunja sichikutsimikiza chimene chili mkati, ndipo jakisoni wobayana kuchimbudzi cha jimu amabweretsa zithupsa, ndipo mukabwerekana singano mukubwerekananso HIV ndi matenda a chiwindi.

Msampha weniweni uli posiya. Wogulitsa amati ndi masabata khumi ndi awiri okha kenako usiya, ndipo mnyamata amakhulupiriradi kuti achita kamodzi kokha. Koma ukasiya, wa m'botolo watha ndipo thupi lako silinayambirenso kupanga wake, nde umakhala pakati opanda kalikonse kwa masabata kapena miyezi, ena kupitirira chaka. Mphamvu zimatha, chilakolako cha kuchipinda chimazima, mtima umakhala wachisoni popanda chifukwa mpaka ena amaganiza zodzipha, ndipo makilo aja amayamba kutsika uku ukuona. Tsopano ganizirani kuti zimenezi zikuchitikira munthu amene anakana kupita kumaliro a agogo ake poopa kutaya theka la kilo. Abwerera ku jakisoni basi, ndipo wathuyu anabwereradi pasanathe miyezi iwiri. N'chifukwa chake ine ndimati kulimbana ndi jakisoni kokha ndi kuchedwa, vuto linayamba kale pa juzi ija ndi kabokosi kaja.

Eni majimu ndi ophunzitsa ndili nawo mawu pang'ono. Inu mumaona zonsezi tsiku ndi tsiku, mumadziwa amene akubwera kawiri pa tsiku ndi phewa lomanga bandeji, mumadziwa amene amagulitsa m'chipinda chosinthira zovala. Ena mwa inu mumawakhazika pansi anyamatawa, ndikudziwa, koma ambiri mumangoti ndi kasitomala wokhulupirika n'kuika chithunzi chake pakhoma.

Kwa a pabanja, kunyoza sikuthandiza, ndipo kumuuza kuti wakula kale sikuthandizanso chifukwa maso ake sakuona zimene inu mukuona. Amalume ake a mnyamatayu ndi amene anapeza njira, sanakambe za thupi n'komwe. Anamufunsa kuti, "Mphwanga, chaka chino ndi zinthu zingati zimene wakana chifukwa cha jimu?" Anayamba kuwerenga yekha, maliro aja, ukwati wa mnzake, chibwenzi chimene chinatha chifukwa sankafuna kudya kunja, ndalama ya kosi imene inapita ku zigubu ndi timabotolo. Kenako anamupempha chinthu chimodzi, kuti apume masiku asanu ndi awiri, adye zimene mayi ake aphika, aone mmene amvere. Anapirira masiku atatu okha, lachinayi anapezeka ali mujimu, koma kulephera kumeneko ndi kumene kunamutsimikizira yekha kuti sakudzilamuliranso, ndipo anavomera kukaonana ndi adokotala.

Amene wayamba kale kubaya asangosiya mwakachetechete payekha kapena kumwa mankhwala ena amene wogulitsa yemweyo akuti amabwezeretsa thupi. Apite kwa dokotala akanene zoona zonse, dzina la mankhwala, mlingo, ndi nthawi imene wakhala akubaya, atenge ndi kabotolo komwe. Dokotala ayeza bipi, kuchuluka kwa magazi, mafuta a m'magazi, chiwindi, impso ndi mahomoni, ndipo ngati akufuna mwana ayezenso umuna, podziwa kuti mbewu yatsopano imatenga miyezi iwiri ndi theka kuti ipangike ndiye zotsatira sizisintha msanga. Mbali ya maganizo imafuna katswiri wake, pali uphungu wothandiza munthu kusintha kaganizidwe ndi zizolowezi monga kuyang'ana galasi ndi kuyeza thupi pafupipafupi, ndipo ena amapatsidwanso mankhwala a matenda a nkhawa. Kupweteka pachifuwa, kubanika, maso achikasu kapena mkodzo wakuda ngati tiyi wopanda mkaka pambuyo ponyamula kwambiri, zimenezo si zodikira mawa, ndi za kuchipatala tsiku lomwelo.

Mnyamata uja jimu sanasiye ndipo palibe amene anamuuza kuti asiye. Amapita masiku atatu kapena anayi, ali pa makilo 75, bipi inatsika koma bere lakumanzere likadali lotupa ndipo akusunga ndalama ya opaleshoni. Mahomoni ake akuyezedwabe miyezi itatu iliyonse.